Lipoti la nkhani: chikalata chimati K646,000, ngongole yeniyeni inali K441,000

Nkhani iyi ndi ya mayi wina amene mwana wake wamkazi anali mu Fomu 3 pa sekondale ina yomwe si yaboma, yogonera komweko, m'chigawo chapakati. Mayina sitiwatchula, ndipo ziwerengero tazisalaza pang'ono kuti masamu aoneke bwino. Cha pakati pa Febuluwale, teremu yachiwiri ili mkati, mayiyo analandira mapepala awiri. Loyamba linali sitetimenti ya fizi, lachiwiri linali kalata yokumbutsa ngongole. Kalatayo inati alipire K646,000 pasanathe masiku asanu ndi awiri, apo ayi mwana asabwererenso akapita ku tchuthi chapakati pa teremu.

Mayiyo m'mutu mwawo ankadziwa kuti ali ndi ngongole ya K370,000. Fizi ya teremuyo inali K720,000, iwo anali atapereka K350,000 mu Januwale, ndiye anangochotsera. Pakati pa nambala yawo ndi ya sukulu panali mpata wa K276,000. Ntchito yoyamba inali kupeza komwe mpatawo wachokera. Kupempha nthawi yolipirira kunadikira kaye, chifukwa munthu amene wasayinira kuti adzalipira K646,000 pang'onopang'ono wavomereza kale kuti ngongoleyo ndi K646,000.

Kuwerenga sitetimenti

Sitetimenti ya fizi ndi kaundula wa mwana mmodzi. Mzere uliwonse uli ndi deti, kufotokoza, ndi ndalama yomwe yalowa mbali imodzi mwa ziwiri. Mbali yolembedwa `DR` ndi zomwe sukulu yakulipiritsani, mbali ya `CR` ndi zomwe sukulu yavomereza kuti yalandira. Kumapeto kwa mzere kumakhala balansi, yomwe imakwera pakalowa `DR` ndi kutsika pakalowa `CR`. Pamwamba penipeni pamakhala mzere wolembedwa `B/F`, kutanthauza ndalama yotsalira kuchokera m'mbuyo. Makolo ambiri amalumpha mzere umenewu n'kuthamangira nambala yapansi, chonsecho mkangano nthawi zambiri umayambira pomwepo.

Pa sitetimenti ya mwanayu, `B/F` inali K85,000 yochokera mu Fomu 2. Mu Seputembala sukulu inalemba fizi ya teremu yoyamba K650,000, ndalama ya chitukuko K40,000, ndi ya PTA K15,000. Zolipira zomwe zinkaoneka zinali ziwiri, K400,000 mu Seputembala ndi K200,000 mu Okutobala. Teremu yoyamba inatsekedwa ndi ngongole ya K190,000. Mu Januwale munalowa fizi yatsopano ya K720,000, PTA K15,000, chitukuko china K40,000, chindapusa cha kuchedwa K19,000, ndi K12,000 ya kuchipatala. Atachotsa K350,000 ya mu Januwale, panatsala K646,000 ija. Kuwonkhetsa kwake kunali kolondola. Vuto linali m'mizere yomwe inawonkhetsedwayo.

Njira yofufuzira ndi yosavuta koma imafuna mapepala. Mayiyo anasonkhanitsa malisiti a sukulu, masilipi a kubanki, mauthenga a pafoni otsimikiza kutumiza ndalama, ndi makalata awiri a mitengo ya fizi, ya mu Seputembala ndi ya mu Disembala. Mzere uliwonse wa `CR` anauyerekeza ndi lisiti, ndipo mzere uliwonse wa `DR` anauyerekeza ndi kalata ya mitengo. Kenako anachita mobwerera: lisiti lililonse lomwe linali m'manja analifufuza ngati likupezeka pa sitetimenti. Gawo lobwererali ndi limene limatulutsa ndalama zosowa, poti ndalama yomwe sinalembedwe siisiya mzere woti muukayikire.

Zomwe zinapezeka

Chachikulu chinali K150,000 yomwe malume a mwanayo, okhala ku Joni, anatumiza mu Novembala. Mnyamata amene anatumidwa anakaika ndalamayo mu akaunti ya sukulu kubanki, koma pa silipi analemba dzina la malumewo, osalemba dzina la mwana kapena nambala yake ya pasukulu. Silipiyo inakasungidwa kunyumba m'malo mokaperekedwa ku ofesi ya msungichuma kuti atulutse lisiti. Ndalamayo inafikadi ku sukulu, koma msungichuma akamayang'ana sitetimenti ya kubanki amangoona dzina lachilendo pakati pa mayina mazana. Ndalama yotere amaiika padera, m'gulu la zolandiridwa zosadziwika mwini, mpaka wina atabwera ndi umboni. Apa sukulu sinabe kanthu. Chizindikiro cha vutoli ndi chimodzi: muli ndi silipi ya kubanki koma mulibe lisiti la sukulu la ndalama yomweyo.

Umboni umene msungichuma amafuna ndi deti, kuchuluka kwa ndalama, nthambi ya banki, ndi nambala yomwe makina a banki amadinda pa silipi. Ngati ndalama inadutsa pa Airtel Money kapena Mpamba, nambala yofunika ndi ija yaitali ya mu uthenga wotsimikiza. Chithunzi cha silipi chopanda nambala yowerengeka sichithandiza. Masilipi a pepala lopyapyala lija amafufutika pakapita miyezi ingapo, choncho ndi bwino kuwajambula tsiku lomwelo.

Chachiwiri chinali ndalama ya chitukuko. Kalata ya mitengo ya mu Seputembala inanena momveka kuti K40,000 imeneyi ndi ya kamodzi pa chaka. Inalowanso mu Januwale chifukwa olemba anatengera mndandanda wa teremu yoyamba n'kungosintha fizi yokha. Cholakwa chamtunduwu sichigwera mwana mmodzi, chimakhudza kalasi yonse, ndipo ofesi ikachiona sichedwa kuchikonza.

Chachitatu chinabadwa kuchokera m'choyamba. Malamulo a sukulu, omwe mayiyo anasayinira pomwe mwana ankayamba Fomu 1, amati ngongole yowoloka teremu imalipiritsidwa chindapusa cha 10 pa 100 iliyonse. Sukulu inawerengera pa K190,000 n'kupeza K19,000. Koma K150,000 inali itafika mu akaunti ya sukulu mu Novembala, teremu isanathe. Yomwe inawolokadi inali K40,000 yokha, ndiye chindapusa choyenera ndi K4,000. Anthu ambiri ndalama yosowa ikapezeka amakhutira n'kuiwala kupempha kuti chindapusa chiwerengedwenso, ndipo makina sachita zimenezo okha.

Nawonso mayiwo anali ndi zomwe sanawerengere. Iwo ankaona kuti teremu yoyamba anapereka K750,000 yonse, fizi ili K650,000, kotero K100,000 yapamwambayo inafafaniza K85,000 yakale. Anaiwala K55,000 ya chitukuko ndi PTA. Mu teremu yachiwiri anaiwalanso PTA, ndipo za K12,000 ya kuchipatala sankadziwa. Atamuimbira mwana kudzera kwa mayi woyang'anira malo ogona atsikana, zinatsimikizika kuti anadwaladi malungo mu Januwale ndipo anamutengera ku chipatala cholipira. Kukwera kwa fizi kuchoka pa K650,000 kufika pa K720,000 kunalengezedwa m'kalata ya mu Disembala, yomwe inabwera pamodzi ndi lipoti la mayeso. Kunali kowawa, koma kunalibe pogwira.

Pamapeto pake masamu anaima motere: pa K646,000 kuchotsa K150,000, kuchotsa K40,000, kuchotsanso K15,000 ya chindapusa chopitirira, patsala K441,000. Sukulu inachulutsa ndi K205,000, ndipo mayi anachepetsa ndi K71,000.

Kalata yokumbutsa ngongole

Kalata yotere iwerengedwe mosiyana ndi sitetimenti. Zofunika kuona ndi deti yomwe inalembedwa, deti yomwe ndalamazo zinawerengedwera, chomwe akuti adzachita, ndi amene wasayina. Iyi inalembedwa pa 12 Febuluwale koma inafika m'manja mwa mayi pa 16, kutanthauza kuti mwa masiku asanu ndi awiri aja anayi anali atapita kale. Pa chifukwa ichi yankho loyamba linatumizidwa tsiku lomwelo, lalifupi, longonena kuti kalata yafika pa 16, ziwerengero zikufufuzidwa, ndipo kholo lifika pa 18 ndi malisiti. Kukhala chete ndiko kumachititsa ofesi kuganiza kuti kholo lathawa.

Sukulu yomwe si yaboma imayendera mgwirizano umene kholo linasayinira, ndipo ngati malamulo ake akunena kuti mwana wangongole akhoza kubwezedwa, kuopseza kwa m'kalata si nthabwala. Komabe nayo sukulu siipindula ikabweza mwana pakati pa chaka. Bedi lake limakhala lopanda munthu, ndipo ngongole ya mwana amene wachoka ndi yovuta kuitolera kuposa ya amene ali m'kalasi. Apa ndi pomwe pali mpata wokambirana.

Kukonza ndondomeko yolipirira

Madeti olipirira asachokere ku zomwe zingasangalatse sukulu, achokere ku masiku omwe ndalama imalowadi m'nyumba. Mayiwa amalandira malipiro kumapeto kwa mwezi ndipo akachotsa lendi, chakudya ndi thiransipoti amatsala ndi K90,000. Malume analonjeza K100,000 mwachangu. Kumudzi kunali soya amene amayembekezeka kugulitsidwa cha mu Meyi. Tsiku lolipira linaikidwa pa 5 mwezi uliwonse, osati pa 28 kapena pa 1, kuti malipiro akachedwa masiku angapo lonjezo lisasweke.

Pali dzenje limene ndondomeko zambiri zimagweramo. Teremu yachitatu imatsegulidwa mu Epulo, ndipo K735,000 yatsopano, fizi ndi PTA, inali kubwera ngongole yakale isanathe. Sukuluyi imafuna theka la fizi pa tsiku lotsegulira. Ndondomeko yongonena za K441,000 ikanayenda bwino miyezi iwiri, kenako n'kugwa pa geti. Choncho kalata inayenera kunena za zonse ziwiri.

Zogwirizana ndi zimenezi ndi momwe sukulu imagawira ndalama ikalandira. Makaundula ambiri amayamba afafaniza ngongole yakale kwambiri. Kholo likapereka K370,000 pa tsiku lotsegulira pofuna kukwaniritsa theka, koma pali K100,000 yakale yomwe tsiku lake silinakwane, kaundula amatenga K100,000 kukatseka yakaleyo, ndipo pa teremu yatsopano pamaoneka K270,000 yokha. Mwana amapezeka pa mndandanda wa osakwanitsa theka. Mfundo imeneyi ikapanda kulembedwa, palibe amene amaikumbukira tsiku lotsegulira.

Kalata inalembedwa kwa mphunzitsi wamkulu, kope lake kwa msungichuma. Kusiyanitsa kumeneku kuli ndi chifukwa. Msungichuma ndi amene amakonza kaundula, koma m'sukulu zambiri mphamvu yololeza kulipira mochedwa ili ndi mphunzitsi wamkulu kapena mwini sukulu. Lonjezo la pakamwa la wa mu ofesi ya ndalama, ngakhale ali munthu wabwino, limatha mphamvu iye akakhala kuti palibe tsikulo. Thunthu la kalatayo linali ili:

"Wolemekezeka Bambo Mphunzitsi Wamkulu, ndalandira kalata yanu ya pa 12 Febuluwale yokhudza fizi ya mwana wanga wa mu Fomu 3, yomwe inandipeza pa 16 Febuluwale. Nditayerekeza sitetimenti ndi malisiti anga, ndapeza zinthu zitatu zomwe ndikupempha kuti muzione. K150,000 yomwe inaikidwa kubanki pa 14 Novembala sikuoneka, ndipo kope la silipi ndaliphatikiza. Ndalama ya chitukuko ya K40,000 yalembedwa kawiri pomwe kalata yanu ya mu Seputembala ikuti ndi ya kamodzi pa chaka. Chindapusa chawerengedwa pa K190,000 m'malo mwa K40,000. Zimenezi zikakonzedwa, ngongole yomwe ndikuivomereza ndi K441,000.

"Ndikupempha kuti mundilole kulipira motere: K141,000 pa 20 Febuluwale, K90,000 pa 5 Malichi, K90,000 pa 5 Epulo, ndi K120,000 pa 20 Meyi. Pa teremu yachitatu ndidzapereka K370,000 tsiku lotsegulira, ndipo K365,000 yotsala pofika pa 10 Juni. Ndikupemphanso kuti pomwe ndikutsatira madeti amenewa mwana apitirize kuphunzira, kugona ndi kudya pasukulu, ndi kulemba mayeso a kumapeto kwa teremu. Ngati mwavomera, chonde sayinani ndi kudinda makope onse awiri, limodzi likhale langa. Ine wanu, kholo la mwanayo."

M'kalatamo mulibe mbiri ya mavuto a pabanja. Chiganizo chimodzi chofotokoza chifukwa chochedwera chikhoza kulowa, koma masamba awiri a madandaulo amakwirira ziwerengero, ndipo wowerenga amafika kumapeto osadziwa kuti akupemphedwa chiyani. Chomwe chimalemetsa kalata ndi ndalama yoyamba. K141,000 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ngongoleyo, ndipo inasankhidwa dala kuti patsale K300,000 yosavuta kugawa ndi kulondoloza.

Yankho la sukulu ndi zomwe anagwirizana

Pa 18 msungichuma anapeza K150,000 ija pa sitetimenti ya kubanki, natulutsa lisiti. Mayiyo anapempha kuti lisitilo lisonyeze deti ya 14 Novembala ngati tsiku lomwe ndalama inalandiridwa, chifukwa kutsika kwa chindapusa kunadalira deti imeneyo. Chitukuko chachiwiri chinachotsedwa. Anapempha sitetimenti yatsopano yosonyeza K441,000 asanakambe za madeti, ndipo anaipeza tsiku lomwelo.

Pa madeti mphunzitsi wamkulu anakana poyamba. Iye anafuna kuti yonse ithe teremu yachitatu isanatsegulidwe, ndipo anati 20 Meyi ndi kutali, makamaka poti ndalama yake ikudalira soya amene mtengo wake sukudziwika. Mfundo yakeyo inali yomveka. Mayiyo sanavomere zomaliza mu Epulo, popeza zikanafuna K150,000 pa mwezi, ndalama yomwe alibe. Anayankha kuti, "Bambo, ndikalonjeza zimenezo ndikhala ndikukunamizani. Ndingathe K100,000 pa mwezi ndikaimitsa kaye masheya anga a ku banki mkhonde." Anagwirizana pa K141,000 pa 20 Febuluwale, kenako K100,000 pa 5 Malichi, pa 5 Epulo ndi pa 5 Meyi. Sukulu inapeza deti yomaliza yoyandikira ndiponso yodalira malipiro, osati zokolola. Soya anatsalira gawo lomaliza la teremu yachitatu.

Pepala lomaliza linali la tsamba limodzi, ndipo kuwonjezera pa madeti munalowa mfundo zinayi zomwe zinachita kukambidwa. Ndalama yoperekedwa tsiku lotsegulira teremu yachitatu idzalembedwa ku teremu yachitatu, osati ku ngongole yakale. K100,000 yomwe idzawoloke teremu pansi pa mgwirizanowu sidzalipiritsidwa chindapusa. Deti ikagwera Loweruka, Lamulungu kapena tsiku la tchuthi, kulipira kudzachitika tsiku lotsatira logwira ntchito. Ndipo gawo likachedwa, sukulu idzadziwitsa kholo ndi kupereka masiku asanu ndi awiri isanachitepo kanthu pa mwana.

Mfundo yomalizayi inalowa m'malo mwa ina yomwe sukulu inalemba poyamba, yoti kuphonya gawo limodzi kudzachititsa kuti ngongole yonse ifunike nthawi yomweyo. Mawu oterewa amapezeka m'mapangano ambiri a ngongole ndipo sukulu ili ndi chifukwa chowafunira, koma opanda masiku ochenjeza amatanthauza kuti kuchedwa kwa tsiku limodzi kumabwezeretsa zinthu pomwe zinayambira. Sukulu inafunanso macheke olembedwa madeti a mtsogolo. Mayiyo anakana mwaulemu, ndipo anachita bwino. Cheke chikaperekedwa kubanki mu akaunti mulibe ndalama yokwanira chimabwezedwa, banki imadula ndalama yake, ndipo nkhani yomwe inali ya fizi imasanduka ina yolemera kuposa pamenepo.

Anasayina mphunzitsi wamkulu, msungichuma ndi mayiyo, ndipo makope onse awiri anadindidwa. Malume sanasayine, dzina lawo silinalowemo n'komwe. Amene wasayina ndiye mwini ngongole, choncho K370,000 ya tsiku lotsegulira inali pamutu pa mayiyo ngakhale ndalamayo inkayembekezeka kuchokera ku Joni. Asanasayine anafunsa malumewo kuti atsimikize mwa uthenga wolembedwa kuchuluka kwa ndalama ya kwacha yomwe idzafike ndi tsiku lake, poti lonjezo la marandi limasintha likamafika kuno.

Momwe zinayendera

Magawo a Febuluwale ndi Malichi analipiridwa pa nthawi yake. Pa silipi iliyonse panalembedwa dzina la mwana, nambala yake ndi kalasi, ndipo chithunzi chake chinkatumizidwa kwa msungichuma tsiku lomwelo, pamodzi ndi pempho la lisiti. La Epulo linavuta chifukwa malipiro anachedwa. Mayiyo analemba uthenga pa 3 Epulo, deti isanakwane, kunena kuti apereka K60,000 pa 5 ndipo K40,000 pa 10. Msungichuma anayankha ndi mawu awiri ovomera, ndipo uthengawo unasungidwa. Kudziwitsa deti isanafike kumatengedwa ngati kusintha kwakung'ono. Kufotokoza itadutsa kumatengedwa ngati kuphonya.

Tsiku lotsegulira teremu yachitatu vuto lomwe linayembekezeka lija linachitikadi. K370,000 inali italipiridwa dzulo lake, koma makina anachotsapo K100,000 kukatseka ngongole yakale monga mwa chizolowezi chake, ndipo dzina la mwana linatuluka pa mndandanda wa pa geti. Amene anali ndi mndandandawo anali mphunzitsi wa pa ntchito tsikulo, yemwe za mgwirizanowo sankazidziwa. Mwanayo anali ndi kope la pepala lodindidwa lija m'chikwama, pamodzi ndi silipi. Anamulola kulowa, ndipo msungichuma anasuntha ndalamayo pamanja. Sitetimenti yotsatira inabweranso ndi chindapusa cha K10,000 pa K100,000 yowoloka ija, chomwe chinachotsedwa mayiyo atalozera mfundo yachiwiri ya m'pepalalo.

Gawo lomaliza linalowa pa 5 Meyi. Mayiyo anapempha sitetimenti yosindikizidwa, ndipo anaona kuti mizere yonse ya ngongole yakale yatsekedwa, patsala K365,000 ya teremu yachitatu yokha. Soya atagulitsidwa anabweretsa ndalama yochepera pa yomwe ankayembekeza, ndipo pa 10 Juni panaperekedwa K300,000. K65,000 yotsala inapemphedwa mwa kalata yachiwiri ya mizere isanu kuti ilipiridwe pa 5 Julaye, teremu isanatsekedwe, kuti isawoloke n'kukhala `B/F` ya Fomu 4 yokhala ndi chindapusa chake. Sukulu inavomera pa pepala lomwelo, ndi siginecha ndi chidindo.